Matenda oumitsa khosi: kuwerenga madzi a pamsana ndi kusankha jakisoni woyamba

Tiyerekeze kuti nthawi ili 9 koloko usiku pa chipatala cha boma. Abale abwera ndi bambo wa zaka 34, wolemera makilogalamu 55. Mutu wakhala ukumuwawa kwa masiku atatu, thupi likutentha, ndipo kuyambira m'mawa akuyankha zosagwirizana ndi zimene akufunsidwa. Mkazi wake akuti bamboyu ali ndi HIV koma anasiya kumwa ma ARV miyezi 8 yapitayo. Kutentha kwa thupi ndi 39.2. Mukayesa kuweramitsa mutu wake kuti chibwano chigunde pachifuwa, khosi likukana. Malungo sanapezeke, shuga wa m'magazi ali pa 6.8 mmol/L. Pa sikelo ya Glasgow, yoyezera mmene munthu watsitsimukira, ali pa 13 mwa 15. Manja ndi miyendo zonse zikugwira ntchito mofanana.

Munthu wotere sakupatsani nthawi yoti muganize mpaka kuche. Pali zinthu ziwiri zimene ziyenera kuchitika ola limodzi lisanathe, kutenga madzi a pamsana ndi kubaya mankhwala opha mabakiteriya. Vuto ndi lakuti chilichonse mwa ziwirizi chimasokoneza chinzake. Mukabaya kaye mankhwala, tizilombo tina timafa ndipo labu imalephera kutimeretsa. Mukadikira zotsatira za labu, tizilombo timapitiriza kuswana m'mutu mwa wodwalayo. Pa zoipa ziwirizi, chachiwiri ndicho chimapha munthu. Choyambacho chimangovutitsa dokotala.

Zizindikiro zokha sizikwana. M'mabuku timawerenga za zitatu zotchuka: kutentha thupi, kuuma khosi ndi kusokonezeka mutu. Kafukufuku wamkulu wa ku Netherlands wa mu 2004, wa odwala achikulire pafupifupi 700, anapeza kuti zitatuzi zinapezeka pamodzi mwa 44 okha pa 100 aliwonse. Koma pafupifupi onse, 95 pa 100, anali ndi ziwiri mwa zinayi izi: mutu, kutentha thupi, khosi louma, kusokonezeka. Choncho khosi lofewa silikutanthauza kuti munthuyo alibe matendawa. Kwa khanda ndiye khosi silithandiza n'komwe. Pamenepo mumayang'ana liwombo lotukuka, kukana kuyamwa, kulira mosatonthozeka, kufooka, kapena thupi lozizira m'malo motentha.

Kutenga madziwo

Ubongo ndi mtsempha waukulu wa mu msana zimakutidwa ndi timinofu titatu topyapyala, ndipo pakati pa tiwiri tam'kati pamayenda madzi oyera mbee. Munthu wamkulu amakhala nawo pafupifupi mamililita 150 nthawi imodzi, ndipo thupi limapanga ena okwana mamililita 500 tsiku lililonse. Manambala awiriwa ndi ofunika kuwasunga pamutu, chifukwa ndi amene mumafotokozera nawo abale. Anthu ambiri kuno kwathu, ngakhalenso ku Zambia, amakhulupirira kuti munthu akachotsedwa madzi a pamsana ndiye kuti wapita. Mantha amenewa sanangochokera m'mwamba. Amene amatengedwa madziwa nthawi zambiri ndi odwala kwambiri, obwera mochedwa, ndipo ambiri amamwaliradi, koma chowapha ndi matenda osati singano. Kungouza gadiyani kuti asayine sikuthetsa manthawo. Muuzeni kuti mutenga madzi osadzaza n'komwe supuni yaikulu, amene thupi libwezeretse pasanathe ola. Muuzeninso kuti matenda atatu osiyana amaoneka chimodzimodzi kunja koma aliwonse ali ndi mankhwala akeake, ndipo madziwo ndi amene anene kuti ndi ati.

Singano imalowa m'munsi mwa msana. Mwa munthu wamkulu mtsempha wa mu msana umathera pa fupa loyamba kapena lachiwiri la m'chiuno, ndiye mukalowa pakati pa lachitatu ndi lachinayi, kapena lachinayi ndi lachisanu, mumakhala kuti mwaupitirira. Malowa mumawapeza poyerekeza mzere wolumikiza nsonga za mafupa awiri a m'mbali mwa chiuno. Wodwala agone chammbali, mawondo atapinda kufika pamimba, msana uli m'mphepete mwa bedi, mapewa ndi chiuno zili chilili osapendekeka. Kulephera kwambiri kumachokera pa kagonekedwe, osati pa dzanja la wobaya.

Musanalowetse singano, yezani shuga wa pa chala ndi kulemba. Tibwererako ku nkhani imeneyi chifukwa ndi pomwe ambiri amatayira theka la phindu la ntchito yonse. Madzi akayamba kutuluka, yezani puresha yake wodwala atawongolako miyendo. Ya munthu wabwinobwino imakhala pakati pa masentimita 10 ndi 20 a madzi. Ngati chubu choyezera palibe, paipi ya diripi yatsopano yoimikidwa chilili ndi tepi yoyezera zimagwira ntchitoyo. Kenako donthezerani m'timabotolo titatu, kalikonse madontho 20 mpaka 40, ndiye kuti mililita imodzi kapena awiri. Ngati mukukayikiranso TB, onjezerani mamililita ena 6 kapena kuposerapo, popeza tizilombo ta TB timakhala tochepa kwambiri m'madzimo ndipo m'madontho ochepa simungatipeze.

Pali odwala amene simuyenera kuwabaya pamsana nthawi yomweyo. Ndi amene mbali imodzi ya thupi yafooka kumene, amene mboni ya diso limodzi yakula kuposa inzake, amene wakomoka kwambiri kapena akutsika msangamsanga pa sikelo ija, amene akugwa ngati wakhunyu mosalekeza, amene kuthamanga kwa magazi kwagweratu, amene akutuluka magazi mosavuta, ndi amene ali ndi bala la mafinya pamalo obayapo. Anayi oyambawo akhoza kukhala ndi chotupa kapena kufufuma kumene kukukankha ubongo, ndipo mukatsitsa puresha kumunsi ubongo umatha kutsetserekera pa bowo la pansi pa chigaza n'kupanikiza malo olamulira kupuma. Kwa onsewa chimene mumachedwetsa ndi singano ya pamsana yokha. Mankhwala amabayidwa pompo, mutatenga magazi a kalicha, mayeso omeretsa tizilombo mu labu, ngati botolo lake lilipo.

Malangizo ena ochokera ku mayiko olemera amati aliyense wa chitetezo chotsika ajambulidwe kaye m'mutu ndi makina a CT asanatengedwe madzi. Pa chipatala chimene makinawo ali pa mtunda wa makilomita mazana, kutsatira zimenezo mwakhungu ndiye kuti odwala ambiri a HIV sadzatengedwa madzi mpaka kalekale. Bambo wathu uja alibe chizindikiro chilichonse mwa zoletsa singano zija. Atengedwe madzi tsopano, ndipo namwino akhale akusungunula kale mankhwala kuti singano ikangotuluka pamsana, mankhwalawo alowe mu kanyula. Zikaoneka kuti zipangizo zichedwa ndi mphindi zoposa 30, kapena abale akukambiranabe, bayani mankhwala kaye.

Kodi mukatero mwataya zingati? Bakiteriya wotchedwa meningokokasi amatha kuzimiririka m'madzi a pamsana pasanathe maola awiri chibayireni mankhwala amphamvu. Wina wotchedwa nyumokokasi amalimbako, amayamba kusowa pakatha maola anayi kapena kuposa. Koma chimene chimasowa msanga ndi kumera kwa tizilombo mu kalicha. Maselo, mapulotini ndi shuga zimakhalabe zosokonekera kwa tsiku limodzi kapena awiri. Ndiye madzi otengedwa m'mawa mwake akadali ndi zambiri zonena.

Botolo lisagone pa tebulo. Maselo oyera amayamba kuphulika akangotuluka m'thupi, ndipo pakatha maola awiri mtundu umene tikuufuna kwambiri, wa manyutirofilo, umakhala utachepa pafupifupi ndi theka. Lisalowenso mu filiji, chifukwa meningokokasi ndi bakiteriya wina wotchedwa hemofilasi amafa ndi kuzizira.

Zimene pepala la labu likunena

Madzi abwino amaoneka ngati a pa mpopi. Mwa munthu wamkulu amakhala ndi maselo oyera osafika 5 pa maikulolita, mapulotini osapitirira magalamu 0.45 pa lita, ndi shuga wokwana pafupifupi magawo awiri mwa atatu a shuga wa m'magazi. Mabakiteriya akalowa, chithunzi cha m'buku chimakhala chotere: madzi amachita mbuu ngati otsukira mpunga, maselo oyera amafika masauzande, ambiri mwa iwo, oposa 80 pa 100, ndi manyutirofilo, mapulotini amadutsa galamu imodzi pa lita, ndipo shuga amagwa.

Chilichonse mwa izi chili ndi chifukwa chake. Manyutirofilo ndi maselo amene thupi limathamangitsira koyamba pamene pali mabakiteriya, omwe aja amapanga mafinya pa bala. Malimfosaiti amabwera pa matenda a mavairasi ndi pa matenda oyenda pang'onopang'ono monga TB ndi fangasi wotchedwa kiriputokokasi. Mapulotini amakwera chifukwa mpanda wolekanitsa magazi ndi ubongo wayamba kudontha. Shuga amatsika chifukwa njira yomulowetsera m'madzimo yasokonekera, kwinaku maselo ndi ubongo wotupawo zikumudya mofulumira. Mavairasi kawirikawiri samukhudza shuga, ndipo n'chifukwa chake shuga ndi amene amathandiza kwambiri kusiyanitsa.

Tsopano zotsatira za bambo uja zabwera. Puresha inali masentimita 28. Madzi anali a mbuu. Maselo oyera 85, mwa iwo 90 pa 100 manyutirofilo. Mapulotini magalamu 3.2 pa lita. Shuga 0.9 mmol/L. Mayeso a CrAg, ofufuza kiriputokokasi, sanapeze kanthu. Pa utoto wa Giramu, wothandiza kuona mabakiteriya pa maikulosikopu, paoneka tizilombo tambirimbiri tamtundu wa buluu woderako, tokhala tiwiritiwiri, tosongoka kumapeto.

Munthu wongoyamba kumene akaona 85 mtima umakhala pansi, poti buku linati masauzande. Apa ndi pamene pali msampha waukulu. Maselo 85 sangadetse madzi. Kuti maselo okha achititse mbuu pamafunika mazana angapo, ndiye ngati madzi achita mbuu maselo ali ochepa chonchi, chawadetsa ndi kuchuluka kwa tizilombo tenitenito. Thupi la bamboyu lalephera kutumiza chitetezo chokwanira, ndipo nyumokokasi akuswana popanda womuletsa. Maselo ochepa pamodzi ndi tizilombo tambiri ndi chizindikiro choipa kuposa mafinya enieni. Izi zimaoneka mwa anthu amene HIV yawafooketsa kwambiri, mwa zidakwa, mwa okalamba ndi mwa makanda.

Shuga ndiye akutsimikiza. Mumagawa wa m'madzi ndi wa m'magazi:

0.9 ÷ 6.8 = 0.13

Yankho likatsika kuposa 0.4 mumaganiza za mabakiteriya, TB kapena kiriputokokasi. Likatsika kufika kumene lafika apa, pamodzi ndi manyutirofilo ndi matenda a masiku atatu okha, palibenso chokayikitsa. Tsopano taganizirani wodwala wina wa matenda a shuga, amene m'madzi mwake mwapezeka 3.0. Nambalayo payokha ikuoneka yabwino. Koma ngati m'magazi muli 14, yankho ndi 0.21, lotsika kwambiri. Amene sanayeze pa chala sangadziwe zimenezi. Ndipo kuyeza pambuyo pake, wodwala atalandira kale diripi ya shuga, kumanamiza mbali inayo, chifukwa shuga wa m'magazi amakwera nthawi yomweyo pamene wa pamsana amatenga maola kuti atsatire.

Utoto wa Giramu umatenga mphindi zochepa, ndi wotchipa, ndipo mwa odwala amene sanamwe mankhwala umaonetsa tizilombo nthawi zambiri, pakati pa 60 ndi 90 pa 100. Tabuluu tiwiritiwiri ndi nyumokokasi. Tofiirira tiwiritiwiri tooneka ngati nyemba zoyang'anizana, nthawi zambiri tili m'kati mwa maselo oyera, ndi meningokokasi. Tofiirira ting'onoting'ono tosafanana kukula ndi hemofilasi. Tindodo tabuluu tifupitifupi ndi listeriya, ndipo timeneti a labu amatha kutinyalanyaza poganiza kuti ndi litsiro la pakhungu.

Nanga singano ikaboola kamtsempha, madzi n'kutuluka ofiirira? Magazi amabweretsa maselo oyera awoawo. Pa maselo ofiira 500 mpaka 1,000 aliwonse mumachotserapo selo loyera limodzi. Ngati ofiira ali 20,000 ndipo oyera ali 60, mumachotsa pakati pa 20 ndi 40, n'kutsala 20 mpaka 40, omwe akadali ochuluka kuposa muyezo. Kuwerengera kumeneku n'kongoyerekeza. Sikukupatsani chilolezo choimitsa mankhwala kwa munthu amene akuoneka wodwala.

Pepala lovuta

Tisinthe zotsatira za bambo yemweyo. Maselo akhale 85 omwewo, koma 80 pa 100 malimfosaiti, mapulotini 1.8, shuga 2.1 pamene m'magazi muli 6.8, Giramu osaonetsa kanthu. Yankho la shuga ndi 0.31. Pepala lotere ndi limene limasowetsa tulo, chifukwa matenda anayi akhoza kulilemba.

Oyamba ndi kiriputokokasi, mtundu wa fangasi umene uli m'gulu la zoyambitsa matenda oumitsa khosi zofala kwambiri mwa akuluakulu a HIV kummwera kwa Africa, makamaka CD4 ikatsika pansi pa 100. Mwamwayi awa ndi osavuta kupeza. Kapepala ka CrAg kamayankha m'mphindi 10 ndipo sikalakwitsa kawirikawiri, kamaposa kutali njira yakale ya inki yakuda. Kaikeni pa madzi a wodwala aliyense wa HIV, ngakhale maselo atakhala 0, chifukwa kiriputokokasi amatha kudzaza m'madzi ooneka oyera bwinobwino. Mankhwala ake ndi ena ndithu, amfoterisini, fulusaitosini ndi fulukonazo, ndipo puresha yokwera imatsitsidwa pochotsa madzi mobwerezabwereza.

Achiwiri ndi TB ya mu ubongo. Imabwera mozemba, mutu wa sabata ziwiri kapena zitatu, kuwonda, thukuta la usiku, nthawi zina diso limodzi kuyamba kupotoka. Makina a GeneXpert akapeza, mwapeza. Akapanda kupeza simunamalize, poti amaphonya odwala ambiri ndithu. Funani TB kwina: chithunzi cha pachifuwa, makhololo, mayeso a mkodzo a LAM.

Achitatu ndi mabakiteriya omwe aja, koma atapunduka ndi mankhwala. Funsani abale mosawaopseza ngati wodwala anamwako makapisozi ogula pa golosale kapena anabayidwapo ku chipatala chaching'ono. Amokisisilini wa masiku atatu sachiza matendawa, koma ndi wokwanira kubisa tizilombo pa Giramu ndi pa kalicha. Achinayi ndi listeriya, amene amathanso kubwera ndi malimfosaiti.

Pa pepala lotere, CrAg ikapanda kupeza kanthu, nzeru ndi kupitiriza mankhwala a mabakiteriya pamene mukusaka TB. Ndipo ngati mbiri ya wodwala ikuloza ku TB, musadikire umboni umene mwina sudzabwera. Muyambitseni mankhwala a TB.

Mawu amodzi pa malungo. Kwathu kuno, makamaka nyengo ya mvula, anthu ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi. Kupeza malungo mwa mwana wokomoka sikuchotsa matenda oumitsa khosi. Ngati madzi a pamsana sanatengedwe, mwanayo alandire zonse ziwiri, atesuneti ndi mankhwala a mabakiteriya.

Jakisoni woyamba

Mankhwala oyamba amasankhidwa musanadziwe dzina la kachilombo, ndiye funso ndi lakuti, pa msinkhu uwu ndi thupi ili, ndi tizilombo titi timene tingakhalemo? Kwa ana opitirira miyezi itatu ndi akuluakulu ndi nyumokokasi, meningokokasi ndi hemofilasi. Ku Malawi nyumokokasi ndiye wakhala patsogolo. Hemofilasi anachepa kwambiri katemera wake atayamba mu 2002, ndipo katemera wa nyumokokasi anayamba kuperekedwa kwa makanda mu Novembala 2011, ngakhale sateteza ku mitundu yonse. Miliri ikuluikulu ya meningokokasi ndi ya chigawo chouma choyambira ku Senegal kukafika ku Ethiopia. Ife tili kunja kwa chigawocho, koma kachilomboko kamabuka apo ndi apo m'malo othithikana monga sukulu zogonera komweko ndi ndende.

Sefitiriyakisoni amagwira onse atatu. Mulingo wa munthu wamkulu ndi magalamu 2 mumtsempha pa maola 12 aliwonse, ndiye kuti magalamu 4 pa tsiku. Wa mwana ndi mamiligalamu 100 pa kilogalamu iliyonse pa tsiku, osapitirira magalamu 4. Cholakwika chofala ndi kulemba galamu imodzi kapena awiri kamodzi pa tsiku, mulingo wa chibayo. Mpanda uja wa pakati pa magazi ndi ubongo umalola gawo laling'ono chabe la mankhwalawa kudutsa, ndipo mulingo waukulu ndi wokankhira okwanira kuti afike. Wodwala akayamba kupeza bwino mpandawo umayambanso kutsekeka, choncho si nthawi yochepetsa mulingo kapena kusinthira ku mapiritsi.

Sungunulani ndi madzi a jakisoni kapena diripi ya mchere, ndipo alowe pang'onopang'ono kwa mphindi 30. Musamusakanize ndi diripi ya Ringa, chifukwa muli kashiyamu amene amaundana naye. Mtsempha ukasowa, musatumize wodwala ulendo wa maola atatu wopanda kanthu m'thupi. Bayani pa mnofu, galamu imodzi ntchafu iyi, ina ntchafu inayo. Kafukufuku wa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre wa mu 2007 anayerekeza njira ziwirizi mwa akuluakulu ndipo sanapeze kusiyana pa imfa.

Sefitiriyakisoni ali ndi malo amene safikako. Sapha listeriya mpang'ono pomwe. Kwa munthu wopitirira zaka 50, mayi woyembekezera, ndi wa chitetezo chotsika, malangizo a m'mayiko ambiri amati muonjezere ampisilini, magalamu 2 pa maola anayi aliwonse, mpaka labu itasonyeza kachilombo kena. Kwa bambo wathu, Giramu yaonetsa kale nyumokokasi, ndiye ampisilini akhoza kuchotsedwa. Pa pepala lachiwiri lija, la malimfosaiti, ayenera kukhalabe. Ku America ndi kwina kumene nyumokokasi wina sakumvanso bwino sefitiriyakisoni, amaonjezera vankomaisini kuyambira pachiyambi. Kusankha kumeneko kumatsatira zimene ma labu a m'deralo akupeza, si kongokopera.

Sefitiriyakisoni akatha m'famase, njira yakale ndi benzailipenisilini, mayunitsi 4 miliyoni pa maola anayi aliwonse, pamodzi ndi kuloramfeniko galamu imodzi pa maola 6. Ndi bwino kuposa kusabaya kanthu, koma dziwani malire ake. Ku South Africa zinaoneka kale cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuti ana amene nyumokokasi wawo sankamva penisilini sankachiranso bwino ndi kuloramfeniko. Palinso vuto la manja ogwira ntchito. Jakisoni wa maola anayi aliwonse ndi kasanu ndi kamodzi pa tsiku, ndipo mu wodi imene namwino mmodzi akuyang'anira odwala makumi angapo usiku, wa 2 koloko m'bandakucha ndi amene amaphonyeka.

Makanda a mwezi woyamba ali ndi tizilombo tawo, tochokera m'njira yobadwira: sitireputokokasi wa gulu B, mabakiteriya a m'matumbo, ndi listeriya. Amayamba ndi ampisilini kapena benzailipenisilini pamodzi ndi jentamaisini. Sefitiriyakisoni amapewedwa kwa khanda lachikasu kapena lobadwa masiku osakwana, chifukwa amakankha bilirubini, yemwe amachititsa chikasu, kuchoka pamene wamangiriridwa m'magazi n'kukawononga ubongo. Sefotakisimu ndiye amalowa m'malo mwake.

Masiku a mankhwala amadalira kachilombo. Meningokokasi 5 mpaka 7, hemofilasi 7 mpaka 10, nyumokokasi 10 mpaka 14, listeriya ndi mabakiteriya a m'matumbo 21. Kachilombo kakapanda kudziwika, 10 mpaka 14. Kafukufuku wa mu 2011 wa ana pafupifupi 1,000 m'mayiko asanu, Malawi ali momwemo, anapeza kuti masiku 5 a sefitiriyakisoni anakwana mofanana ndi 10, koma zimenezo zinali kwa ana amene pofika tsiku lachisanu anali atachira bwino popanda chovuta china. Bambo wa zaka 34 amene chitetezo chake chagwa sali m'gulu limenelo.

Dekisametasoni, ndi phunziro la ku Blantyre

Zambiri zimene zimawononga ubongo ndi makutu pa matendawa si kachilombo kokha, koma kutupa kumene thupi limayambitsa, makamaka pamene mankhwala akuphwanya tizilombo. Dekisametasoni amachepetsa kutupako. Mu 2002 kafukufuku wa ku Ulaya wa akuluakulu 301 anaonetsa kuti mamiligalamu 10 pa maola 6 aliwonse kwa masiku anayi, oyamba kubayidwa mankhwala opha tizilombo asanalowe kapena pamodzi nawo, anatsitsa imfa kuchoka pa 15 kufika pa 7 pa 100. Kuyambira pamenepo mayiko a kumeneko amamupereka kwa aliyense.

Ku Blantyre zinatuluka zina. Mwa ana 598 mu 2002, imfa zinali 31 pa 100 mbali zonse ziwiri. Mwa akuluakulu 465 mu 2007, amene pafupifupi 90 pa 100 anali ndi HIV, oposa theka anali atamwalira pofika tsiku la 40, kaya analandira dekisametasoni kaya ayi. Chifukwa chenicheni anthu amatsutsanabe, koma odwalawo anali osiyana kwambiri ndi a ku Ulaya: ofika mochedwa, a magazi ochepa, a HIV yosalandira mankhwala, ambiri atamwako kale makapisozi. Pachipatala pomwepo anayesanso gilisero wakumwa mwa akuluakulu, poyembekeza kuti atsitsa kufufuma kwa ubongo, ndipo kafukufukuyo, wofalitsidwa mu 2011, anaimitsidwa asanathe chifukwa olandira gilisero ankamwalira kwambiri kuposa enawo.

Ndiye kwa bambo wathu umboni wapafupi kwambiri ndi iye sukulonjeza phindu lililonse la dekisametasoni. Kwa munthu wopanda HIV amene wafika msanga nkhani ndi ina, ndipo pamenepo tsatirani malangizo a chipatala chanu. Chimodzi chokha n'chosatsutsika: CrAg ikapeza kiriputokokasi, dekisametasoni asaperekedwe, poti kafukufuku wa mu 2016 anaonetsa kuti pa matenda amenewo amavulaza.

Masiku atatu otsatira

Imfa zambiri zimachitika m'maola 48 oyamba, ndipo zina mwa izo zimachokera pa zinthu zooneka zazing'ono. Shuga wa m'magazi kugwa osadziwika. Wodwala wosatsitsimuka kumwetsedwa phala n'kutsamwa, pamene akanaikidwa paipi ya m'mphuno. Kugwa ngati wakhunyu usiku popanda woona. Kale ankati madzi a diripi azichepetsedwa poopa kufufumitsa ubongo, koma masiku ano wodwala amapatsidwa okwanira, chifukwa ubongo wopanikizika umafuna magazi ofika ndi mphamvu. Kwezani mutu wa bedi pang'ono, ndipo sikelo ya Glasgow ndi mboni za maso zilembedwe pafupipafupi.

Ngati pakatha maola 48 mpaka 72 thupi likutenthabe kapena wodwala sakutsitsimuka, yambani ndi chati cha mankhwala. Kodi majakisoni onse anabayidwadi, pa mulingo wake? Kanyula ikadali mumtsempha, kapena yatupa n'kukhala gwero la kutenthako? Kenako yang'anani kumene tizilombo tinachokera, khutu lotuluka mafinya, mphuno, chibayo, bala lakale la pamutu lodontha madzi. Kufooka kwa mbali imodzi kumene kwangoyamba kukhoza kukhala mafinya osonkhana pansi pa chigaza kapena mtsempha wotsekeka, ndipo pamenepo ulendo wa ku CT uli ndi phindu. Ngati palibe choletsa, tenganinso madzi a pamsana. Shuga akayamba kukwera ndipo tizilombo tasowa pa Giramu, mankhwala akugwira. Ngati sanasinthe, ganizaninso za TB kapena kachilombo kosamva mankhwala.

Zikanakhala kuti Giramu yaonetsa meningokokasi, pakanakhala ntchito ina: kumupatula wodwala kwa maola 24 oyamba a mankhwala, kudziwitsa ofesi ya zaumoyo ya boma, ndi kupatsa ogona naye nyumba imodzi sipulofulokisasini mamiligalamu 500 kamodzi kokha kwa akuluakulu, kapena jakisoni mmodzi wa sefitiriyakisoni wa mamiligalamu 250 kwa mayi woyembekezera. Pa nyumokokasi zimenezi sizifunika.

Bamboyu akapulumuka, asanatuluke ayezedwe makutu, chifukwa nyumokokasi amagonthetsa ena mwa opulumuka ndipo abale amatha kuganiza kuti munthuyo wangosokonekera mutu. Ayezedwe CD4, ayambirenso bakitirimu, ndipo tsiku lobwerera pa ma ARV likhazikitsidwe asanachoke mu wodi. TB ndi kiriputokokasi za mu ubongo ndi zimene zimachititsa kuti ma ARV adikire sabata zinayi kapena kuposa. Pa madzi ake papezeka nyumokokasi, osati ziwirizi, ndiye palibe chifukwa chomudikiritsa nthawi yaitali chotero.